Masiku Anayi Kapena Asanu: Malipiro a Sabata Maola Akakhala Ofanana

Munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata angathe kuwagawa m'masiku asanu a maola 8, kapena kuwapanikiza m'masiku anayi a maola 10 n'kupuma masiku atatu. Masamu oyamba ndi apafupi. Ngati ola limodzi amalipidwa R40, njira zonse ziwiri zimabala R1,600 pa sabata. Ambiri amaimira pomwepa n'kunena kuti palibe kusiyana. Koma malamulo a ntchito ndi makontirakiti amawerengera zinthu zina pa ola, zina pa tsiku, ndipo paliponse pamene muyeso uli tsiku, ndalama za anthu awiriwa zimayamba kusiyana. Tsiku la mmodzi ndi lalitali kuposa la mnzake, ndipo masiku ake ndi ochepa.

Nkhaniyi ikuoneka bwino ikatengeredwa ku South Africa, kumene anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amagwira ntchito m'mafakitale, m'malo osungira katundu, m'mahotela ndi m'nyumba za anthu. Lamulo lalikulu la kagwiridwe ka ntchito kumeneko, la chaka cha 1997, lodziwika ndi dzina lachidule lakuti BCEA, lili ndi gawo lakelake lonena za sabata yopanikiza. Malipiro a R40 pa ola amene agwiritsidwa ntchito m'nkhani yonseyi ndi chitsanzo chabe, osankhidwa kuti masamu aziyenda mosavuta.

Choyamba n'kulekanitsa zinthu ziwiri zimene zimatchulidwa ndi dzina limodzi. Mu 2022 makampani 61 a ku Britain anayesa kwa miyezi isanu ndi umodzi kugwira ntchito masiku ochepa pa sabata, maola n'kuchepanso, koma malipiro osadulidwa. Kumeneko n'kukweza mtengo wa ola: wolandira R1,600 akagwira maola 32 m'malo mwa 40, ola lake lafika pa R50. Sabata yopanikiza si yotero. Maola onse amakhalapobe, angounjikidwa m'masiku ochepa. Umu ndi mmene dziko la Belgium linachitira mu 2022 pamene linapatsa antchito ufulu wopempha kugwira maola awo 38 m'masiku anayi, maola 9 ndi theka pa tsiku. Wantchito akamva abwana akunena za "masiku anayi", funso loyamba likhale lakuti maola a pa sabata atsala angati.

Ola la khumi

Gawo 9 la lamulo la BCEA limati maola wamba a ntchito asapitirire 45 pa sabata, ndipo kwa munthu wogwira masiku asanu kapena ocheperapo, asapitirire 9 pa tsiku. Ola lililonse lopyola pamenepo ndi ovataimu, ndipo gawo 10 limati ovataimu ilipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka. Wa maola 8 pa tsiku safika n'komwe pa malire amenewa. Wa maola 10 amawadumpha ndi ola limodzi tsiku lililonse.

Pamenepa m'pamene gawo 11 limalowera. Limalola bwana ndi wantchito kugwirizana kuti tsiku la ntchito lifike mpaka maola 12, kuphatikizapo nthawi ya chakudya, popanda kulipira ovataimu. Koma mgwirizanowo uyenera kukhala wolembedwa, ndipo sungalole maola wamba opitirira 45 pa sabata, ovataimu yopitirira maola 10 pa sabata, kapena masiku a ntchito opitirira asanu. Mawu akuti "wolembedwa" ndi amene anyamula ndalama. Kapitawo akangolengeza pakamwa kuti kuyambira Lolemba shifiti ikhala ya maola 10, gawo 11 silinayambe kugwira ntchito.

Kusiyanako kumaoneka motere. Pakakhala mgwirizano wolembedwa, maola onse 40 ndi wamba ndipo malipiro ndi R1,600, chimodzimodzi ndi a mnzake wa masiku asanu. Pakapanda mgwirizanowo, tsiku lililonse lili ndi maola 9 a R40, omwe ndi R360, ndi ola limodzi la ovataimu la R60. Tsikulo likukwana R420, ndipo masiku anayi akubala R1,680. Ndalama ya R80 pa sabata ingaoneke yochepa, koma pa chaka imadutsa R4,000, zomwe ndi malipiro a masabata awiri ndi theka a munthu ameneyu. Choncho wosaina pepala la gawo 11 akhale akudziwa kuti akugulitsa ovataimu ya ola la khumi kuti agule tsiku lachitatu lopuma. Kwa ambiri malondawa ndi abwino, koma ndi malonda ndithu, ndipo si bwino kuti munthu awachite mosadziwa.

Zinthu zimathina kwambiri kwa ogwira maola 45, omwe ndi ochuluka m'mafakitale ndi m'masitolo. Pa masiku asanu, maola 45 amagawika bwino, 9 pa tsiku, malipiro R1,800. Pa masiku anayi, tsiku lililonse likhala la maola 11 ndi mphindi 15. Popeza malire a maola 12 akuphatikiza nthawi ya chakudya, kwangotsala mphindi 45 zokha zodyera ndi kupumira. Lamulo limapereka ola lathunthu la chakudya munthu akagwira ntchito maola opitirira asanu mosalekeza, ndipo olalo lingafupikitsidwe mpaka mphindi 30 pokhapokha pali mgwirizano winanso wolembedwa. Popanda mapepala amenewa, maola 9 mwa maola 45 aja amasanduka ovataimu, ndipo sabata imakwana R1,980 m'malo mwa R1,800. N'chifukwa chake maola 40 ndi amene amakwanira bwino m'masiku anayi: maola asanu, ola la chakudya, maola ena asanu, onse pamodzi 11.

Mayiko amasiyana pa mfundo imeneyi, ndipo kusiyana kwake kumachokera pa funso limodzi, lakuti ovataimu imayamba kuwerengedwa pa tsiku kapena pa sabata. Lamulo la boma lalikulu la United States, la 1938, limangoyang'ana maola opitirira 40 pa sabata, moti masiku anayi a maola 10 sabala ovataimu iliyonse. Koma chigawo cha California chimawerengera ovataimu kuyambira pa ola lachisanu ndi chinayi la tsiku, pokhapokha antchito awiri mwa atatu alionse atavomereza ndandanda yatsopanoyo pa voti yachinsinsi. Kumeneko, popanda votiyo, maola 40 a masiku anayi amalipidwa ngati maola 44.

Wolipidwa pa tsiku

Amene amapwetekeka kwambiri ndi sabata yopanikiza ndi munthu amene malipiro ake amatchulidwa pa tsiku, monga zimakhalira ndi ambiri ogwira ntchito zomanga, za m'minda ya maluwa ndi maganyu. Wa R320 pa tsiku la maola 8 ali pa R40 pa ola. Abwana akasintha ndandanda kukhala masiku anayi a maola 10 koma mtengo wa tsiku n'kusiya pomwepo, munthuyo apita kunyumba ndi R1,280. Wagwira maola 40 omwe aja, koma wataya R320, ndipo ola lake latsika kufika pa R32. Kuti malipiro afanane, mtengo wa tsiku uyenera kukwera kufika pa R400.

Cholakwikachi nthawi zina chimagwetsa malipiro pansi pa mlingo wololedwa ndi boma. Malipiro otsikitsitsa ku South Africa amaikidwa pa ola, ndipo kuyambira mu Malichi 2025 anali R28.79. Munthu wa R250 pa tsiku la maola 8 anali pamwamba pa mlingowo, chifukwa ola lake linali R31.25. Tsiku lomwelo likatalika kufika maola 10, ola likugwera pa R25, zomwe ndi zosemphana ndi lamulo ngakhale wantchitoyo atavomera ndi pakamwa pake. Njira yodziwira ndi imodzi: kugawa ndalama ya tsiku ndi maola amene agwiridwadi, osawerengera nthawi ya chakudya ngati siilipidwa.

Wolandira malipiro a pamwezi alibe vuto limeneli, bola maola a pa sabata asasinthe. Lamulo limawerengera mwezi ngati masabata anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata, choncho R1,600 pa sabata ndi R6,933 pa mwezi kwa onse awiri. Chimene chimasintha kwa iye ndi mtengo wa tsiku limodzi, ndipo mtengo umenewo umatulukira pa holide, pa tchuthi ndi pa kujomba.

Sabata ya holide

Dziko la South Africa lili ndi maholide a boma 12 pa chaka. Gawo 18 limati holide ikagwa pa tsiku limene munthu amagwira ntchito nthawi zonse, alandire malipiro ake a tsikulo ngakhale sanagwire, ndipo akagwira alandire kuwirikiza kawiri. Holide ikagwa pa tsiku limene iye amapuma kale, n'kukhala kuti sanaitanidwe kuntchito, lamulo silimupatsa kanthu kowonjezera.

Nthawi ya Pasaka imaonetsa bwino zimenezi, chifukwa ili ndi maholide awiri, Lachisanu Loyera ndi Lolemba lotsatira. Wa masiku asanu amapeza onse awiri: m'sabata iliyonse mwa masabata awiriwo amagwira maola 32 n'kulandira R1,600. Wa masiku anayi amene amagwira kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi amagwira maola onse 40 m'sabata ya Lachisanu Loyera, chifukwa Lachisanu ndi tsiku lake lopuma kale. M'sabata yotsatira amagwira maola 30 okha n'kulandira R1,600. Ndalama zolowa m'thumba n'zofanana, koma pa Pasaka yense mmodzi wapuma maola 16 olipidwa pamene mnzake wapuma 10.

Maholide akadamagwa mofanana pa masiku onse, zinthu zikadadzikonza zokha pakapita zaka, popeza maholide anayi a maola 10 ndi ofanana ndi maholide asanu a maola 8. Koma sagwa mofanana. Lamulo la maholide la 1994 limati holide ikagwa Lamulungu, Lolemba lotsatira limakhala holide. Motero Lolemba limakolola maholide ambiri kuposa masiku ena a pakati pa sabata, ndipo munthu amene wasankha Lolemba kukhala tsiku lake lopuma, n'kumagwira Lachiwiri mpaka Lachisanu, amataya maholide ambiri kuposa wopuma Lachitatu kapena Lachisanu. Mfundo imeneyi siikumbukika kawirikawiri pa nthawi yosankha masiku. Makampani ena amaikonza polemba m'kontirakiti kuti holide yogwa pa tsiku lopuma ibwezedwe ndi tsiku lina, koma zimenezo zimachokera pa mgwirizano, osati pa BCEA.

Onse awiri akaitanidwa kugwira ntchito pa holide yogwa pa tsiku lawo la ntchito, mwayi umatembenukira kwa wa masiku anayi. Tsiku lake la R400 likawirikizidwa limakhala R800, ndipo sabata imakwana R2,000. Mnzake tsiku la R320 limakhala R640, sabata n'kukwana R1,920.

Tchuthi, matenda ndi kujomba

Pa tchuthi cha pachaka ndi cha matenda, lamulo linakonzedwa mwanzeru moti anthu awiriwa amafanana akawerengera maola, ngakhale masiku amaoneka osiyana. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 21 otsatizana, kutanthauza masabata atatu. Kwa wa masiku asanu amenewa ndi masiku a ntchito 15, kwa wa masiku anayi ndi 12, koma onse ndi maola 120. Tchuthi cha matenda chimawerengedwa pa zaka zitatu, ndipo chimafanana ndi masiku amene munthu amagwira m'masabata asanu ndi limodzi: masiku 30 kwa mmodzi, 24 kwa mnzake, onse maola 240. Wantchito akaona masiku ake a tchuthi atsika kuchoka pa 15 kufika pa 12 asafulumire kuganiza kuti wamubera.

Kuba kwenikweni, kapena kulakwitsa kwa ku ofesi yolipira, kumachitika pamene masiku atsitsidwa kufika pa 12 koma tsiku lililonse la tchuthi likulipidwabe ngati la maola 8. Zikatero sabata ya tchuthi imabwera ndi R1,280 m'malo mwa R1,600. Izi zimachitika mosavuta ngati makina owerengera malipiro sanasinthidwe pamene ndandanda inasintha, ndipo zimangodziwika munthu akabwerera kuchokera kutchuthi.

Kujomba kopanda malipiro kumaluma kwambiri pa sabata yopanikiza. Tsiku limodzi lotayika, kaya chifukwa matakisi anyanyala kapena munthu wapita kukakonzetsa mapepala, limachotsa R400 kwa wa masiku anayi ndi R320 kwa wa masiku asanu. Mbali inayi, wa masiku anayi ali ndi tsiku la pakati pa sabata limene maofesi a boma, mabanki ndi zipatala zimakhala zotsegula, choncho zifukwa zojombera zimachepa. Kwa mlendo amene amayenera kukaima pamzere wa mapepala kangapo pa chaka, phindu limeneli ndi lenileni ngakhale silioneka pa peyisilipi.

Zowonjezera ndi zotuluka m'thumba

Tsiku lalitali limatha kulowa m'nthawi imene lamulo limaitcha usiku, yomwe ndi kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Wa maola 8 akayamba 8 koloko m'mawa amaweruka 5 koloko madzulo. Wa maola 10 akayamba nthawi yomweyo amaweruka 7 koloko, ndipo ola lake lomaliza ndi ntchito ya usiku. Gawo 17 limafuna kuti pakhale mgwirizano, kuti wantchitoyo apatsidwe alawansi kapena achepetseredwe maola, ndiponso kuti pakhale mayendedwe opezeka pakati pa kwawo ndi kuntchito. Lamulo silitchula kuchuluka kwa alawansiyo, choncho imadalira kontirakiti kapena mgwirizano wa bungwe la antchito. Olemba ntchito ambiri amazemba nkhaniyi poyambitsa shifiti 7 koloko m'mawa kuti ithe 6 koloko ndendende.

Alawansi iliyonse yoperekedwa pa tsiku imene munthu wafika kuntchito, monga ya chakudya kapena ya thiransipoti, imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ya R30 pa tsiku imatsika kuchoka pa R150 kufika pa R120 pa sabata. Koma ndalama zoyendera nazo zimatsika. Wolipira takisi R25 popita ndi R25 pobwera amawononga R250 m'masiku asanu ndi R200 m'masiku anayi. Ngati palibe alawansi, R50 imeneyo ndi phindu loonekeratu la sabata yopanikiza, ndipo imakula mtunda ukatalika. Kwa mayi kapena bambo wa mwana wamng'ono masamu angatembenuke, chifukwa malo ambiri osungira ana amalipiritsa pa mwezi posatengera masiku, ndipo amatseka wa maola 10 asanaweruke, zomwe zimafuna kulipira munthu wina wokatenga mwanayo.

Zodulidwa ndi boma sizisiyana, chifukwa zimatsata kuchuluka kwa ndalama osati masiku. Ya UIF, thumba lothandiza ochotsedwa ntchito, ndi 1 peresenti ya malipiro, yomwe ndi R16 pa R1,600 kwa onse awiri. Msonkho nawo umayendera chimodzimodzi.

Pa ovataimu yongodzipereka, malo ake amasuntha. Wa maola 8 angathe kuwonjezera maola angapo madzulo a tsiku la ntchito. Wa maola 10 ndi ola la chakudya wangotsala ndi ola limodzi kuti afike pa 12, choncho ntchito yowonjezera imagwera pa tsiku lachisanu. Akayamba kuitanidwa Lachisanu lililonse ndalama zimakwera, koma tsiku lopuma limene anagula ndi ovataimu ya ola la khumi lapita.

Malire a malamulowa

Si onse amene amatetezedwa ndi magawo a maola a BCEA. Mabwana akuluakulu ndi anthu olandira ndalama zopitirira mlingo umene nduna ya zantchito imalengeza sakhudzidwa ndi malamulo a ovataimu ndi a sabata yopanikiza, ndipo kwa iwo kontirakiti ndiyo imalamula. Ntchito zina, monga za m'nyumba, za m'mafamu ndi za ulonda, zili ndi malamulo akeake kapena migwirizano ya makhonsolo okambirana za malipiro, imene ingasinthe maola ndi mitengo yatchulidwa pano.

Ku Malawi, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo limasiyanitsa ovataimu ya tsiku wamba, yolipidwa ola limodzi ndi theka, ndi ya tsiku lopuma kapena la holide, yolipidwa kuwirikiza kawiri. Chofunika kuchenjera nacho kumudzi n'chakuti malipiro otsikitsitsa amatchulidwa pa tsiku, ndipo maganyu ambiri amapanganidwanso pa tsiku. Vuto la mtengo wa tsiku wosakwera pamene tsiku latalika lingabuke mosavuta kuposa ku Joni.

Ku South Africa umboni wa zonsezi uli pa peyisilipi. Gawo 33 limafuna kuti bwana apereke pepala losonyeza malipiro ndi zodulidwa, komanso, pamene zikukhudza kawerengedwe ka ndalamazo, mtengo wa ola wamba ndi wa ovataimu, maola wamba ndi a ovataimu amene agwiridwa, ndi maola a Lamulungu kapena a holide. Munthu amene wangosamukira pa masiku anayi aike peyisilipi yakale pambali pa yatsopano. Mtengo wa ola ukhale womwewo, ndipo maola wamba akhale 40 ngati anasaina mgwirizano wa gawo 11, kapena 36 ndi maola 4 a ovataimu ngati sanasaine. Tsiku la tchuthi kapena la holide lioneke ndi maola 10. Kope la mgwirizanowo alisunge, pamodzi ndi kabuku kolembamo nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lililonse, chifukwa woyendera malo a ntchito wa ku dipatimenti ya zantchito, kapena bungwe la CCMA lothetsa mikangano ya pantchito, adzayamba ndi kufunsa mapepala amenewo dandaulo la malipiro osakwanira likafika kwa iwo.